Kuswana Msanga Kapena Kukhalitsa: Mfundo ya r ndi K ndi Zofooka Zake

Mphamvu zimene chamoyo chimapeza m'chakudya n'zochepa, choncho zikapita ku kubereka, ndiye kuti kukula ndi kudziteteza kumatsalira. Usipa wa ku Nkhata Bay umakhwima msanga, umaikira mazira ambiri ang'onoang'ono ndipo suwasamala. Njovu ya ku Vwaza imakhala ndi bere miyezi 22, n'kubereka mwana mmodzi amene imamulera zaka zingapo.

Akatswiri a zamoyo MacArthur ndi Wilson mu 1967, kenako Pianka mu 1970, anafotokoza kusiyanaku pogwiritsa ntchito `dN/dt = rN(1 − N/K)`. Apa N ndi chiwerengero cha zamoyo, t ndi nthawi, r ndi liwiro la kuchulukana, K ndi chiwerengero chimene malo angathe kudyetsa. Kumalo osinthasintha zimene zimapambana ndi zoswana msanga, za mbali ya r. Kumalo odzaza, zolimba pa mpikisano, za mbali ya K.

Mfundoyi ndi yosavuta kuloweza, koma zamoyo zambiri sizilowamo bwino. Mtengo wa paini wa ku Chikangawa umakhala zaka zambiri, komabe umamwaza njere zochuluka. Tiuike mbali iti? Katswiri wina, Stearns, anadandaula mu 1977 kuti umboni wa mfundoyi ndi wofooka. Chachikulu kwa ine n'chakuti mfundoyi siifunsa kuti imfa ikugwera msinkhu uti. Mwachitsanzo, katswiri wina, Reznick, anapeza kuti tinsomba ta m'mitsinje ya ku Trinidad timayamba kubereka tili tating'ono kumene adani amadya nsomba zazikulu.