Kalata yoti ndidzaitsegule mu February 2026

Lizulu, Ntcheu
9 February 2025

Iwe mwini wanga,

Ndikukhulupirira kuti kalatayi yakupeza uli moyo, pamodzi ndi ana komanso amayi. Kuno lero tadya kamodzi, nsima ya mgaiwa ndi nkhwani wopanda nsinjiro. Amayi anakankhira mtanda wawo kwa mdzukulu wawo wamng'ono, amvekere akhuta, koma tonse tinaona. Chimanga m'munda changoyamba kumene kumasula ngayaye, ndiye mondokwa akadali kutali.

Njalayi inayamba kale. Mu November 2023 ndalama ya kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo feteleza, sopo ndi mchere zinakwera pa nthawi imodzi. Kenaka mvula inadula pakati pa dzinja chifukwa cha El Nino, mpaka mu March 2024 Pulezidenti Chakwera analengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi. Ife tinakolola chimanga chosadzaza ngolo. Chinatha mvula yobzalira isanagwe, ndipo kuyambira pamenepo takhala tikudyera ganyu, nthawi zina wa kutsidya kwa msewu, ku Mozambique, komwe amalipira chimanga cha m'ndowa.

Chachikulu chimene ndalembera ndi ichi. Ndagulitsa mbuzi zonse, ngakhale yaikazi ija inali ndi bere, kuti mtsikana wathu asasiye Fomu 4. Anthu ayankhula. Alamu anati nzeru ndi kugula matumba a chimanga, sukulu adzapitiriza chaka china. Koma ine ndaona atsikana a m'mudzi muno amene anauzidwa mawu omwewo, lero ali ndi ana kumbuyo, akuthamangira mabasi pamsika ndi mabeseni a tomato. Kugulitsa tomato si chamanyazi, inenso ndalerera ana momwemo, koma mwana ameneyu amawerenga mpaka tochi kuzima, ndipo amafuna unamwino. Pamene ukuwerenga kalatayi zotsatira za MSCE zinatuluka kale. Ngati anakhoza, yamika Mulungu ndipo yamba kufunsa za makoleji. Ngati sanakhoze bwino, usamukumbutse za mbuzi ngakhale tsiku limodzi. Analemba mayeso m'chaka chimene ankapita m'kalasi ndi mimba yopanda kanthu. Umupatse mwayi wobwereza.

Chinanso, mbewu ya mbatatesi ili kuchipinda sindinaikhudze. Ana amaiyang'ana, nanenso mtima umandiwawa, koma tikaiphika lero ndiye kuti dimba la nyengo yachisanu lidzakhala thengo. Ndikufuna kudziwa ngati inabereka, ngati chiwawu sichinaiononge, komanso ngati mavenda a ku Lilongwe ndi ku Blantyre anagula pa mtengo wooneka. Ndikhulupirira kuti manyowa a mulu ndinayamba kuseri kwa khola aja unawapitiriza, chifukwa za feteleza wa m'sitolo sitingadalirenso chaka ndi chaka.

Za bambo a ana sindilemba zambiri. Chipitireni ku Joni, foni yawo imalowa mwa apo ndi apo, ndalama sizinabwere chiyambire Khirisimasi. Sindikudziwa ngati akudwala, ngati ntchito inatha, kapena ngati mtima unatembenuka. Iwe mwina wadziwa tsopano. Chilichonse chimene wamva, ana asamve mawu onyoza bambo awo kuchokera pakamwa pako.

Pali ngongole zina zimene sizinalembedwe m'buku la banki m'khonde, ndipo ndikuopa kuti ukakhuta ungaziiwale. Mayi a kuseri kwa chigayo anandipatsa gaga kawiri osandifunsa kanthu. Amayi a ku Limana anabwera usiku ndi ufa m'chitenje kuti anthu asaone, napemphera nafe. Aphunzitsi a masamu anakandilankhulira ku ofesi kuti mwana asabwezedwe pamene ndinali kusaka wogula mbuzi. Achimwene anatumiza kangachepe pa foni kuchokera ku Balaka, chonsecho nawonso ali ndi ana awo. Ngati chaka chino takolola, pita kwa aliyense ndi lichero lodzaza, usangothokoza pakamwa. Ngati February wako ndi wowawa ngati wanga uno, pitabe ukawaone, adziwe kuti sunaiwale.

Ndatopa kwambiri, ndipo masiku ena ndimalira kumunda komwe kulibe wondiona. Ndalemba zimenezi kuti usadzanene kuti zinali zopepuka, ndiponso kuti mnzako akadzabwera kudzapempha ganyu pakhomo pako usadzamuchedwetse ndi mafunso.

Mawa ndilawirira kukapalira fodya wa eni ake. Chifuwa cha amayi chikapitirira, ndiwatengera kuchipatala Lachitatu. Uwapatse moni, uwauzenso kuti za mtanda wa nsima uja ndinaziona.

Ndine,
iwe wemwe