Ndalama za pa 5

Nangozo sankalakwitsa masamu. Sukulu anailekera kalasi yachitatu, koma pa msika wa pa Ulongwe panalibe wa thiraki aliyense wochokera ku Tete kapena ku Beira amene akanamupusitsa pa mtengo wa thumba la kachewere. Ndalama iliyonse yokasiya ku banki ankailemba m'kope lachikuto chofiira, kapepala ka ku banki n'kukamata pambali pake ndi phala la ufa. Malinga ndi kopelo, pofika Julayi 2024 anali ndi metikali 41,300, zokwanira malata a nyumba yake ya ku Domwe.

Makina a pakhoma la banki anatulutsa kapepala kolembedwa 38,140.

Anabwezeramo khadi n'kudinanso. Kanatuluka kena konena zomwezo. Mlonda ataona kuti bicha, mzere wa anthu odikira, yayamba kung'ung'udza anati, "Amayi, pitani mkati mukapemphe esitiratu, pepala losonyeza zonse zolowa ndi zotuluka."

Madzulo anayala mapepalawo pamphasa, Lusiya atagwira tochi ya foni. Mtsikanayo anali mu kalasi ya 10, ndipo Chipwitikizi cha m'nyumba monsemo chinali m'kamwa mwake. Nangozo ankatsatira manambala ndi chala. Zosungitsa zake zonse zinalipo. Panali 360 ya khadi, imene anamuuza kale. Kenako chala chinaima. Pa 5 Epulo 2023, 175. Pa 5 Meyi, 175. Pa 5 Juni, 175. Anatembenuza tsamba, anapezanso yomweyo, mwezi ndi mwezi osaphonya, ngati khoswe wodziwa kabowo kake m'nkhokwe. Miyezi 16. Asanatsegule Lusiya kakyuleta, iye anali atanena kale: "2,800."

"Alemba kuti seguru, amayi. Inshulansi."

"Ya chiyani? Ndili ndi galimoto ine?"

Lusiya anapukusa mutu. Mawu otsatira anali odulidwa pakati.

Usiku umenewo tulo sitinabwere. Anakumbukira tenti imene inamangidwa pakhomo la msika mu Malichi 2023, chimkuzamawu chikulira, anyamata ovala malaya ofanana akugawa zipewa. Amayi ambiri analembetsa tsiku limenelo, chifukwa anali atatopa ndi kugona ndalama zili pa mpango m'chiuno, ndiponso ndi kutaya pang'onopang'ono kwa osintha makwacha ku Kalomwe. Mnyamata amene anamulemba ankayankhula Chichewa chabwino, koma mapepala onse anali m'Chipwitikizi. "Sainani apa, mayi. Apanso. Ndi apa." Nambala ya foni imene anapereka inali ya a Fabiyano, amuna ake, ndipo foniyo inasiya kulira kalekale.

Lolemba anasiyira Nabanda benchi lake, nanyamuka ndi Lusiya, amene anajomba kusukulu. Anafika ku banki 7 koloko, koma anafika pa kauntala dzuwa lili paliwombo. Mtsikana wa pamenepo anayang'ana pakompyuta n'kuyankha m'Chipwitikizi, maso ali kwa Lusiya.

"Akuti munasainira nokha."

"Auze ayang'ane ine," anatero Nangozo. "Ndalama ndi zanga. Ndipo ndawamva akuyankhula Chichewa ndi mlonda uja."

Mtsikanayo anachita manyazi pang'ono. Anadzuka, n'kubwera ndi bambo wina wa imvi za m'mbali, amene anawalowetsa m'kachipinda ka magalasi. Uyu sanawathamangitse. Anafufuza, anasindikiza mapepala atatu, nawaika patebulo. Pansi pa lachitatu panali dzina la Nangozo, lolembedwa ndi dzanja lake lomwe, zilembo zikuluzikulu zopendekera.

"Iyi ndi inshulansi ya maliro, mayi. Mumalipira 175 pamwezi. Mukamwalira inu, kapena amuna anu, kapena mwana amene analembedwa pano, kampani imapereka ndalama zothandizira bokosi ndi zina. Apa analemba anthu atatu: inuyo, Lusiya, ndi bambo Fabiyano."

Lusiya anagwira mkono wa mayi ake.

A Fabiyano anamwalira pa 19 Ogasiti 2023, atagona masiku anayi pachipatala cha pa Ulongwe ndi chibayo. Nthawi imeneyo mu akaunti munali tindalama ta mbewu tokha. Nangozo anagulitsa mbuzi ziwiri pamtengo wolira, imodzi ili ndi bere. Anatenga katapila wa 6,000 kwa munthu wa chigayo, n'kubweza 9,000. Matabwa a bokosi anali a paini wamuwisi, chifukwa ndi amene anakwanitsa, ndipo alamu ake ananena mawu pamaliropo amene mpaka lero sanawaiwale. Mwezi womwewo, pa 5, banki inali itadula 175. Pa 5 Sepitembala, ali m'nsalu zakuda, inadulanso.

Sanalire. Anafunsa motsitsa mawu, "Ndiye kuti ndakhala ndikulipirira maliro a munthu amene ndinaika kale?"

Bamboyo anavula magalasi ake. "Mukanatiuza, mayi."

"Ndikanakuuzani chiyani? Chimene simunandiuze?"

Panapita kanthawi wina osayankhula. Kenako bamboyo anayamba kufotokoza, ndipo sanabise kuti njira yake ndi yaitali. Kampani imafuna chikalata cha imfa cha ku Rejisitu Sivili, ofesi ya boma yolembetsa kubadwa ndi imfa, osati kapepala ka kuchipatala kokha. Nangozo analibe, pakuti kumudzi munthu akaikidwa, mfumu ikadziwa, nkhani imakhala yatha. Anafunika kukatenga kalata kwa mfumu, kukafufuza pepala la kuchipatala, kenako kukalembetsa imfayo mochedwa. Komanso pepala lachitatu lija linali ndi mzere wonena za nthawi yokadandaulira, ndipo nthawiyo inali itadutsa.

"Sindikulonjezani kuti apereka. Chimene ndingachite lero ndi kuimitsa kudulako."

"Musaimitse," anatero Nangozo.

Lusiya anamuyang'ana modabwa.

"Mukaimitsa adzati ndinachoka ndekha. Chotsanipo dzina la malemu basi. Zinazo ndidzaganiza ndikamva zonse zili papepalapo, m'chiyankhulo changa, mzere uliwonse." Anakankhira mapepalawo kwa mwana wake. "Werenga. Bambowa adikira."

Anadikiradi. Lusiya ankawerenga, n'kumasulira, pena n'kukakamira pa mawu a zamalamulo, bamboyo n'kumuthandiza. Zinatenga pafupifupi ola. Atamaliza, Nangozo anapempha buku la madandaulo, limene anali ataliona litamangidwa ndi chingwe pa kauntala. Iye ankanena, Lusiya ankalemba: tsiku la tenti, zipewa, "sainani apa", tsiku la maliro, mbuzi ziwiri, 9,000. Bamboyo anadinda chidindo, nawapatsa pepala lawo, n'kuwauza kuti yankho likapanda kuwakhutiritsa ali ndi ufulu wokadandaula ku Banki Yaikulu ya dziko.

Anabwerera kumsika 3 koloko itakwana. Nabanda anali atagulitsa ndowa zinayi, ndipo anayamba kumuwerengera ndalama. Nangozo sanazilandire msanga. Nabanda uyu anaika mwana wake wamwamuna mu Janyuwale, ndipo pa tenti paja anali patsogolo pake pamzere.

"Achemwali, tsiku lija munasaina kangati?"

"Tsiku liti?"

"La zipewa."

Nabanda anawerenga zala. "Katatu, ngati sindikulakwitsa. Bwanji?"

"Pepala la kuchipatala la Zuze mudakali nalo?"

"Lili m'Baibulo."

"Mawa mubwere nalo, pamodzi ndi khadi ndi chitupa chanu. Muuzenso Naphiri wa matimati ndi Namaseko wa nyemba, onse amene analandira chipewa. Lusiya!" Mtsikanayo anali atayamba kale kulowera kunyumba. "Ukapemphe kwa aphunzitsi ako. Mawanso sukulu kulibe."