Kope la Ngongole

Nabanda ankagulitsa nyemba, mtedza ndi mpunga wa Kilombero mumsika wa Limbe. Zaka 19 ali pa benchi yomweyo, palibe kasitomala amene anamubera ndi masamu. Koma Lachiwiri lina anabwera kuchokera kuchipatala atakwinya nkhope, buku lake la kuchipatala lili m'chitenje, chifukwa namwino anamupatsa masamu achilendo.

Sikelo ya kuchipatala inati makilo 94. Magazi anali kuthamanga, shuga naye anali pakhomo. Namwino, kamtsikana kosaposa mwana wake, anati: "Mayi, muchepetse makalori."

"Makalori ndiye ndiwo zanji?" Nabanda anafunsa mwana wake Tadala madzulo ake, akuyatsa mbaula. "Ine sindinagulepo zimenezo."

Tadala, yemwe ankaphunzira za unamwino chaka chachiwiri, anaseka mpaka kugwira khoma. Kenako anakhala pampando n'kufotokoza kuti kalori ndi muyeso wa mphamvu ya m'chakudya, monga kilo ali muyeso wa nyemba. Thupi limawononga ina poyenda, pogwira ntchito, ngakhale popuma. Yotsala limasunga ngati mafuta. Mzimayi wamkulu amafuna pafupifupi 2,000 patsiku.

"Ndiye kuti ndikupikula zambiri kuposa zimene ndikugulitsa," anatero Nabanda.

"Eya, amayi. Katundu wangodzaza m'sitolo."

"Usandinyoze. Tenga bolopeni."

Anatulutsa kope la ngongole, lija amalembamo mayina a anthu otenga nyemba pofuna kulipira pakutha pa mwezi, n'kulitembenuza kuyambira kumapeto. Tadala analemba pamwamba manambala oyambira: ufa magalamu 100 ndi makalori pafupifupi 360, supuni yaikulu ya mafuta ophikira 120, kasupuni ka shuga 16, mtedza magalamu 100 pafupifupi 570. Masamba a mpiru ndi chisoso anati asavutike nawo, ndi ochepa kwambiri.

Vuto linali nsima. Nsima ilibe pepala lomata pambali ngati paketi ya bisiketi, ndipo mtanda wa Nabanda sunali mtanda wa munthu wina. Tadala anafuna kuti aziyeza nsima yakupsa pasikelo, koma mayi ake anakana. Nsima ina imakhala yolimba, ina yofewa, ndipo madzi salemera chimodzimodzi mumphika uliwonse. Amene amagula mtedza wosauma bwino amadziwa kuti kulipira madzi n'kuluza.

"Tiyeze ufa usanalowe mumphika," anatero. "Ndikapikula thumba, ndimawerenga mtengo wa thumba kenako ndimagawa ndi mbale zimene zatuluka. Apanso n'chimodzimodzi."

Mawa lake anabwera nayo kunyumba sikelo ya batire ya kumsika. Ufa umene ankaphikira banja lonse unakwana kilo imodzi, kutanthauza 3,600. Anaphika monga mwa masiku onse, phala likuwira, kuthira ufa, kuvundula ndi mthiko mpaka thukuta, kenako n'kuomola ndi chipande akuwerenga mokweza. Mitanda inatuluka 12. Mtanda umodzi 300. Iye ankadya itatu masana, itatu usiku.

"1,800," anatero pang'onopang'ono. "Nsima yokha, ndisanakhudze ndiwo."

Pa mafuta mpomwe anakangana. Nabanda analumbira kuti amathira pang'ono chabe, kungoti anyezi asapserere. Tadala anamuuza kuti athire monga amathirira, koma m'kapu m'malo mwa mupoto. Atayeza ndi supuni zinakwana 9. Nabanda anati mwana wagwedeza dzanja, anabwereza yekha, zinakwana 9 ndi theka. Anakhala chete, kuyang'ana kapuyo monga amayang'anira ndalama yokayikitsa. Makalori oposa 1,000 ankalowa mupoto wa nyemba mosamveka phokoso.

Komabe masamu a sabata yoyamba sanagwirizane ndi thupi. Kope linkaonetsa kuti wachepetsa: mitanda iwiri pachakudya, mafuta supuni zitatu mupoto. Sikelo ya kumsika yoyezera matumba, imene anakwerapo Loweruka m'mawa anthu asanachuluke, inati 94 yomweyo. Anabwerera pa benchi atakwiya, n'kuyamba kunena kuti za makalorizi n'zabodza za azungu.

NaPhiri, wogulitsa tomato benchi yoyandikana, anamumvera mpaka kumaliza.

"Achemwali, mukundiuza zonsezi pakamwa pali chiyani?"

Nabanda anaima kutafuna. Dzanja lake linali m'beseni la mtedza.

Sanauwerengepo mtedzawo ngati chakudya. Kunali kulawa, kuonetsa kasitomala kuti ndi wouma, kudikira ogula dzuwa likaswa mtengo. Anatapa dzanja limodzi n'kuika pasikelo: magalamu 30, makalori pafupifupi 170. Anapempha NaPhiri kuti tsiku limenelo azimuwerengera, aziponya mwala m'chitini nthawi iliyonse dzanja likapita kukamwa. Pofika 4 koloko m'chitini munali miyala isanu, ngakhale ankadziwa kuti akumuyang'ana. Panalinso tiyi wa kwa mnyamata wa fulasiki, makapu atatu, lililonse masupuni anayi a shuga, ndi mandasi awiri amene ankangoti ndi otsitsira tiyi.

Usiku umenewo anawonkhetsa tsiku lake lakale lonse, osabisa kanthu, ndipo linadutsa 3,700. Chimene chinamupweteka kwambiri chinali china. Anawerengetsa mtedza umene ankadya pamwezi, unapitirira makilo atatu ndi theka.

"Ndakhala ndikudzibera ndekha," anauza amuna ake. "Wantchito akanachita zimenezi ndikanamuchotsa."

Bambo a Tadala sanakondwe ndi kusinthaku. Anati ndiwo zayamba kukoma ngati za kundende, ndipo mkazi wa munthu akaonda anthu amati kunyumba kuli njala. Nabanda sanatsutse. Ankapatula mbale yake kaye, kenako n'kusiya botolo la mafuta patebulo kuti wofuna awonjezere yekha. Masamba anachulukitsa, therere la chidede linabwerera m'nyumba, usipa ankauwotcha m'malo moukazinga. Nsinjiro sanazisiye, chifukwa nkhwani zosatendera si nkhwani, koma ankaziyeza, n'kugawa ndi anthu asanu monga mwa lamulo lake. Beseni la mtedza analisunthira kumapeto kwa benchi, kumene dzanja silifika osaimirira.

Panali masiku amene kope silinatsegulidwe. Pa chinkhoswe cha mwana wa mlongo wake ku Bangwe anadya mpunga wa nkhuku mbale ziwiri ndi thobwa la m'chikho chachikulu, ndipo patsamba la tsikulo analemba mawu amodzi okha: ngongole.

Itatha miyezi inayi chitenje chinayamba kuzungulira mopitirira. Mumsika nkhani inayenda msanga kuposa minibasi. Mayi wina wogulitsa makala anabwera mwakachetechete, n'kumugwira dzanja.

"Asisi, musabise. Masiku ano mankhwala alipo, anthu akukhala bwinobwino."

Nabanda anatulutsa kope n'kumuonetsa masamba akumapeto. Mayiyo anayang'ana manambala, anayang'ana Nabanda, n'kuchoka akupukusa mutu, mwina akuganiza kuti matendawo afika kumutu.

Kuchipatala sikelo inati 87. Namwino yemwe uja anayeza magazi kawiri, n'kunena kuti atsikako koma mankhwala asasiye. Kenako anafunsa kuti akudya bwanji. Nabanda anamuonetsa masamu a mitanda. Namwino anawerenga mpaka pansi, anatulutsa foni n'kupempha kujambula tsambalo.

"Jambulani," anatero Nabanda, akuphimba ndi chikhatho tsamba la pambali. "Koma mbali inoyi ayi. Awa ndi anthu a ngongole zanga."

Masana ake NaPhiri anabwera pa benchi ndi poto wake wa nsima ndi kathumba ka ufa. Anati sakufuna kuonda, iye ali bwino, akungofuna kudziwa. Nabanda anapukuta sikelo ndi nsonga ya chitenje, anadina batani kuti ibwerere pa ziro, n'kufunsa kuti ufa umenewo umatulutsa mitanda ingati.