Autilaini ya esee yanga: Davide wa Michelangelo ndi Davide wa Bernini

Achimwene, iyi ndiye pulani ya esee ija aphunzitsi akufuna Lachisanu, mawu 1,500. Muyione kaye musanayambe kundinena kuti ndasankha zophweka.

Mawu oyamba, mawu 150 basi

Ndiyamba ndi 1 Samueli 17 mwachidule, aliyense amaidziwa nkhani ya Davide ndi Goliati nde palibe chotayira nthawi. Kenako ziboliboli ziwirizo: cha Michelangelo, 1501 mpaka 1504, nthawi ya Renesansi, chili ku Galleria dell'Accademia ku Florence. Cha Gian Lorenzo Bernini, 1623 mpaka 1624, nthawi ya Baroki, chili ku Galleria Borghese ku Roma. Thesisi yanga ndi iyi: munthu ndi yemweyo, mwala ndi wa mabo konseko, koma Michelangelo akufuna timuyang'ane Davide titaima patali pomwe Bernini akutikokera mkati mwa ndeuyo, ndipo kusiyanaku kukuchokera pa amene anaitanitsa chibolibolicho ndi malo omwe chimayenera kukaima.

Sindilemba za Michelangelo zonse kaye kenako za Bernini ayi, zimenezo zimatuluka ngati maesee awiri omata ndi guluu. Paragalafu iliyonse ikhale ndi onse awiri.

Paragalafu 1: zofanana

Iyi ikhale yaifupi. Onse anasema ali anyamata, Michelangelo anayamba ali ndi zaka 26, Bernini nayenso anali m'zaka za m'ma 20. Ndipo onse sanaike mutu wa Goliati pansi pa phazi ngati mmene Donatello, wosema wina wakale wa ku Florence, anachitira pa Davide wake, kutanthauza kuti ndeu sinathe. Mfundo imeneyi ndiyo mlatho wopitira kutsogolo.

Paragalafu 2: mphindi yomwe aliyense anasankha

Apa mpamene pali nyama, ndiikapo mawu 400 kapena kuposa. Wa Michelangelo waima chilili, thupi lonse latsamira mwendo wamanja pomwe wamanzere wangomasuka, ndiye kontraposito ija tinaphunzira. Gulaye ali paphewa lamanzere, mwina osamuona n'komwe ukapanda kuyang'anitsitsa. Sanaponye kanthu, akungoyang'ana cha kumbali, pamphumi pali tsinya, mitsempha ya dzanja lamanja yatupa, ndiye kuti nkhondo ikadali m'mutu. Wa Bernini eee, thupi lapotoka, miyendo watangaza, gulaye wamukoka ndi manja onse awiri ndipo milomo wailuma ngati munthu amene akunyamula thumba la simenti. Ndikufuna ndilembe kuti wina akuganiza wina akuchita, koma ndisamale chifukwa wa Michelangelo nayenso sanapume, mphamvu yake yangobisika. Ndikangoti "wodekha" aphunzitsi andidula mamalikisi.

Paragalafu 3: kukula ndi malo

Wa Michelangelo ndi mamita 5.17, wa Bernini ndi pafupifupi mita 1.7, msinkhu wa munthu wamba. Woyambayo poyamba ankafuna akamuike pamwamba pa tchalitchi chachikulu cha Florence, n'chifukwa chake ambiri amati mutu ndi manja anazikulitsa dala poti anthu azimuonera pansi. Mapeto ake mu 1504 anamuimika pabwalo, pakhomo pa Palazzo Vecchio, nyumba ya boma la mzindawo, mpaka 1873 pomwe anamulowetsa m'nyumba. Wa Bernini ndi wa m'chipinda, ukaima patsogolo pake umamva ngati Goliati ali kumbuyo kwako ndipo mwalawo ukudutsa pakhutu pako, malo opanda kanthu omuzungulira nawonso ndi mbali ya chibolibolicho.

Paragalafu 4: anatuma ndani, ndipo chifukwa chani

Florence inali itathamangitsa banja la Medici mu 1494 n'kukhala ripabuliki, nde kamnyamata kogonjetsa chimphona kanasanduka chizindikiro cha mzinda waung'ono wozunguliridwa ndi adani amphamvu. Bernini yekha anatumidwa ndi munthu mmodzi, Kadinala Scipione Borghese, kuti akongoletse nyumba yake, m'nthawi yomwe Mpingo wa Katolika unkafuna zaluso zogwira mtima osati zongosilira. Apa ndionjezerepo za zinthu zili pa ziboliboli: wa Michelangelo ali mbulanda ngati ziboliboli za Agiriki akale, wa Bernini ali ndi kansalu m'chiuno, kachikwama ka miyala, ndipo pansi pali zovala zankhondo za Sauli zomwe anakana kuvala komanso zeze wake. Bernini amakamba nkhani yonse, mnzakeyo anachotsa pafupifupi chilichonse.

Mawu omaliza, mawu 120

Ndibwereza thesisi m'mawu ena, osabweretsa mfundo yatsopano. Ndinkafuna kunena kuti ine ndimakonda wa Bernini koma funso silinafunse zimenezo.

Chimodzi mundithandize achimwene: paragalafu 3 ndi 4 zikukhala ngati zikulowererana pa nkhani ya malo, ndiziphatikize kapena za Palazzo Vecchio ndizisamutsire ku 4? Mundiyankhe pofika Lachitatu madzulo kuti Lachinayi ndingokhalira kutaipa.