Zomwe sindinamvetse pa malangizo a asainimenti ya sabuside

Madamu,

Ndikhulupirira muli bwino. Ndine Chisomo wa chaka chachiwiri, kalasi yanu ya Lachiwiri m'mawa. Tsiku lomwe munapereka asainimenti ija ine kunalibe, ndinali kumaliro kwa agogo ku Mitundu, ndiye malangizo ndawaonera pa zithunzi ziwiri zomwe kalasi repu anajambula n'kuponya pa gulupu yathu ya WhatsApp. Dzulo usiku ndinakhala pansi kuti ndizilembe mwachidule mu kope, ndipomwe ndaona kuti pali malo angapo pomwe sipakumveka.

Chachikulu ndi funso loyamba. Likuti tiunike pulogalamu ya sabuside ya feteleza koma dzina lake lili pomwe fulashi inawala, pangooneka poyera. Ndiye ndi FISP yomwe inayamba 2005 kapena AIP yomwe inabwera m'malo mwake 2020? Kapena tifananize zonse ziwiri? Pa gulupu ena ayamba kale kulemba za AIP yokha ena akuti ayi ndi zonse, ine sindikufuna kuyamba kusaka mabuku ndisanadziwe chifukwa za FISP zolembedwa zilipo zambiri koma AIP njira yake yogulira pogwiritsa ntchito chiphaso cha unzika ndi yosiyana ndi makuponi aja, ndiye mfundo zake sizingakhale zimodzi.

China ndi tsiku lobweretsa. Chala cha wojambula chinaphimba nambala yachiwiri, pakuoneka 1 yekha ndi Novembala, ena akuti 13 ena 18.

Pa kutalika napo, tsamba loyamba lati mawu 1,500 koma lachiwiri m'munsi mwalemba ndi bolopeni kuti mapeji asapitirire 4. Ndi Times New Roman 12 komanso mizere yotalikirana ija mawu 1,500 amapitirira mapeji 4, ndiye titsate chiti? Nanga marefarensi akuwerengedwa nawo momwemo? Komanso sitayilo yake sinatchulidwe, ndi APA ngati semesita yatha kapena Harvard?

Pamwamba palembedwa magulu a anthu 5 koma kumapeto akuti aliyense apereke yake. Kodi tikambirane pagulu basi kenako aliyense alembe payekha? Ngati magulu anagawidwa kale tsiku lomwelo ndiye kuti ine ndilibe gulu, mundithandize pamenepo.

Chithunzi chachiwiri chinadukanso m'mphepete pomwe pali kagawidwe ka malikisi, ndangoona 40 ya funso loyamba. Sindinaonenso ngati tibweretse yopulinta ku ofesi kwanu kapena titumize pa imelo, ndikufunsa chifukwa ndimakhala ku Area 25 ndiye ngati ndi yopulinta ndikonzekeretu ya minibasi ndi ya mapepala.

Ngati fayilo yake muli nayo mutanditumizira ndithokoza kwambiri, ndiyiponyanso pa gulupu anzanga aione. Apo ayi ndikhoza kubwera ku ofesi Lachinayi tikatuluka kalasi ya 10 koloko.

Pepani pokuvutitsani, zikomo kwambiri.

Ine,
Chisomo