Pempho Loti Mutseke Nambala Yobera Anthu ndi Kuunika Ndalama Zomwe Ndinatumiza

Esnart Chikafa
Msika wa Dedza
Dedza

14 Malichi 2025

Kwa Mkulu Woona Madandaulo a Makasitomala
Nthambi Yotumiza Ndalama pa Foni
Lilongwe

Wokondedwa Bwana,

Ndine kasitomala wanu ndipo ndimagulitsa mbatatesi ndi nyemba mumsika wa Dedza. Ndikupempha kuti mutseke msanga nambala yothera ndi 4172, yomwe mwini wake wandibera K85,000. Nambala yonseyo ndi nambala yotsimikizira kutumiza kwa ndalamazo zili pa zithunzi za mauthenga zomwe ndaphatikiza ndi kalatayi.

Lachiwiri pa 11 Malichi, cha m'ma 10 koloko m'mawa, ndinalandira uthenga wonena kuti mu akaunti yanga mwalowa K85,000. Kalembedwe kake kanali kofanana ndendende ndi mauthenga anu. Nthawi yomweyo bambo wina anaimba akulira, nkunena kuti waphonya nambala potumiza ndalama zoti mwana wake wodwala apite naye ku chipatala. Anandichonderera kuti ndimubwezere. Pa benchi panali makasitomala akudikira, ndipo ine monga kholo ndinamva chisoni, nkutumiza. Madzulo nditapita kwa ejenti kukatapa ndalama, ndinapeza kuti palibe chomwe chinalowa. Uthenga uja unachokera pa nambala ya munthuyo, osati kwa inu. Zomwe zinapitazo ndi mpamba wanga wopikulira katundu.

Chikundiwawa kwambiri nchoti nambalayi ikugwirabe ntchito. Dzulo yaimbira mnzanga wogulitsa tomato pafupi nane ndi nkhani yomweyo ya mwana wodwala. Iye wapulumuka chifukwa ndinali nditamufotokozera. Nanga agogo akumudzi omwe alibe wowachenjeza? Chonde itsekeni lero, pamodzi ndi akaunti yake, ndalama zotsalamo zisatuluke.

Ndikupemphanso kuti muunike kumene ndalama zanga zinalowera. Ngati zikadali mu akauntiyo, mundibwezere. Ngati zinatapidwa kapena kutumizidwa kwina, makina anu akuonetsa ejenti wake, nthawi yake ndi nambala yomwe inalandira. Tonse tinalembetsa masimukhadi athu ndi chiphaso cha unzika monga MACRA inalamulira, choncho nambalayi ili ndi dzina kumbuyo kwake. Sindikupempha kuti mundiuze ine dzinalo. Mulipereke kwa apolisi a ku Dedza, kumene ndinakapereka kale lipoti, ndipo kalata yawo ndaphatikizanso.

Mundiyankhe molemba pasanathe masiku 14, pa nambala yanga yomwe ili pa mauthengawo kapena kudzera ku ofesi ya msika. Nkhaniyi ikapanda kuyenda, ndidzaitengera ku MACRA ndi ku Reserve Bank of Malawi, yomwe imayang'anira ntchito zotumiza ndalama pa foni. Mukafuna kuona foniyo, ndibwera nayo ku ofesi yanu. Mauthenga onse ndawasunga.

Ine wanu,

Esnart Chikafa