Dongosolo la mavidiyo a usipa wa azakhali, Lolemba mpaka Lamulungu

Achimwene, foni idzakhala m'manja mwanu sabata yonse, azakhali adzakhala pabenchi pawo mumsika wa Mchesi monga mwa masiku onse. Katundu ndi mmodzi yekha, usipa. Musawonjezerepo utaka kapena matemba poganiza kuti anthu atopa nawo. Chimene chisinthe tsiku lililonse ndi funso la wogula limene vidiyoyo ikuyankha: wabwera liti, ndi wabwino kodi, ndiphika bwanji, ndalama yanga ikwana wochuluka bwanji.

Mavidiyo onse ajambulidwe foni itaimirira, 9:16, ndipo asapitirire masekondi 30, kuti imodzimodziyo ilowe pa WhatsApp Status, TikTok ndi Facebook osaidulanso. Pukutani diso la kamera musanayambe, chifukwa zala zogwira nsomba zimasiya mafuta ndipo chithunzi chimachita chifunga. Jambulani pakati pa 7 ndi 9 koloko m'mawa, dzuwa lili kumsana kwanu. Masana usipa umanyezimira mopyola, pafoni umangooneka mulu woyera wopanda maonekedwe. Pansi pa lona labuluu musajambule, nsomba imaoneka ngati yaola.

Lolemba: katundu wafika. Yambani ndi manja a azakhali akumasula thumba ndi kukhuthulira usipa m'lichero, moni abwere pambuyo. Munthu amasankha kupitirira kapena kuima m'masekondi awiri oyamba, ndipo phokoso la usipa wouma ukugwera m'lichero limamuimitsa kuposa "muli bwanji nonse". Kenako azakhali anene mawu ochepa: "Wafika m'mawa uno kuchokera ku Senga Bay, wa pathandala." Anene doko limene katunduyo wachokeradi. Akakhala wa ku Msaka, atero, pakuti odziwa nsomba alipo ambiri ndipo adzakutsutsani poyera.

Lachiwiri ndiye tsiku lofunika kuliikira mtima. Yalani nsalu yakuda kapena chikatoni, muikepo milu itatu yaing'ono: wouma padzuwa, wofutsa, ndi bonya. Foni ikhale pafupi, ngati kutalika kwa dzanja limodzi, ndipo mugunde pasikirini pomwe pali nsomba kuti ioneke bwino. Azakhali atenge umodzi umodzi. Wofutsa anene kuti unayamba waviikidwa m'madzi owira usanayanikidwe, n'chifukwa chake ambiri amati suwawa. Bonya ndi wamng'ono, wotsika mtengo, ndipo palibe chifukwa chomuchitira manyazi, ndiye ndiwo ya m'makomo ambiri mwezi ukafika pakati. Pomaliza athyole usipa umodzi pafupi ndi foni kuti kumveke kuti thyo, kenako apukuse dzanja lodzaza pamwamba pa nsalu ija, anthu aone kuti sipakugwa mchenga. Usipa woyanikidwa pansi umabwera ndi mchenga, ndipo amene anaulumapo kamodzi saiwala. Apa pamalakwika chinthu chimodzi kawirikawiri: phokoso la msika limameza mawu. Musaime patali n'kukokera chithunzi pafupi. Sendezani foni yeniyeniyo, kapena jambulani manja okha, mawuwo azakhali akawanene kunyumba madzulo, muwaphatikize pa CapCut, pulogalamu ya pafoni yokonzera mavidiyo. Musatchule benchi ya mnzanu poyerekeza, mudzakhala naye mawa pomwepo.

Lachitatu kuphika, ndipo izi zichitike kunyumba, osati pamsika. Konzani usipa wodzaza manja awiri, tomato awiri, anyezi mmodzi, masipuni atatu a mafuta, mchere ndi theka la kapu ya madzi. Jambulani tizidutswa tisanu ndi kamodzi ta masekondi anayi kapena asanu: kudula mitu, kuviika m'madzi ofunda kwa mphindi khumi, kukhetsa madzi, kukazinga mpaka ufiire, kuthira anyezi ndi tomato, kenako mbamu ya nsima ikusunsa. Kachidutswa ka nsimaka mukaike koyambirira ndithu, kuti woonera adziwe kumene mukupita. Usipa ukhe madzi bwino usanalowe m'mafuta, apo ayi mafuta amathetheka n'kudontheza pakamera, nsombanso imanyenyeka. Musajambule kuchokera pamwamba penipeni pa poto, nthunzi imaphimba diso la foni. Imani chapambali. Mukafuna kusintha sabata yamawa, muphike wotendera ndi nsinjiro, ndiye kuti mwapeza vidiyo ina pa katundu yemweyo.

Lachinayi mtengo. Manja a azakhali apange mulu wa K1,000, wa K2,000, ndi mbale ya K5,000, aliyense ndi kapepala kake, pambali pakhale bokosi la machesi kuti kukula kwa mulu kuoneke. Basela aikidwe kamera ikuona. Lembani deti pavidiyoyo, chifukwa mtengo wa usipa sukhazikika: asodzi amaupha usiku ndi nyali, mwezi ukawala umachepa, ndipo mphepo ya mwera ikamakuntha m'miyezi yozizira ambiri salowa panyanja. Popanda deti, wina adzabwera patatha milungu itatu ndi vidiyo m'manja kudzakangana za mtengo wakale.

Lachisanu musakonzeretu. Lachinayi usiku werengani zimene anthu afunsa pansi pa mavidiyo anayi aja, musankhe funso limodzi, azakhali aliyankhe akuyang'ana kamera. Likasowa, tengani limene amafunsidwa pabenchi: "Kodi munathira mankhwala?" Anthu amaopa zimenezi chifukwa alipo ogulitsa ena amene amathira nsomba zouma mankhwala ophera tizilombo. Ayankhe zoona, aonetse mmene amasungira: kuuyanikanso padzuwa, thumba lopita mphepo, loikidwa pathabwa osati pasimenti pomwe limakoka chinyontho. Awonjezere kuti wogula asausunge mujumbo yomanga, umachita nkhungu.

Loweruka msika umadzaza, nthawi yokonza zinthu palibe. Tsamiritsani foni pathumba, ijambule manja akupima, kukulunga ndi kulandira ndalama kwa mphindi zisanu, kenako muifulumizitse ikwane masekondi 20. Nkhope ya wogula isaoneke pokhapokha atavomera, ndipo ana a eni ake musawajambule n'komwe. Foniyo ikhale mkati mwa benchi, kumbali ya azakhali, Loweruka manja ndi ambiri. Mawu olemba pamwamba: "Timakhalapo mpaka 5 koloko, Airtel Money ndi Mpamba tikulandira." Mukaonetsa uthenga wa ndalama yolowa, bisani dzina ndi nambala ya wotumiza.

Lamulungu benchi ndi yotseka, ndiye gwiritsani ntchito zotsala. Dulani sekondi zitatu zitatu kuchokera m'mavidiyo a sabatayi, mutsirize ndi azakhali akufunsa: "Ndikaoda Lolemba, ndikusungireni wofutsa kapena wouma?" Mayankho ake ndiwo adzawauze kuchuluka kwa mtundu uliwonse woti aitanitse kunyanja.

Za bando: tumizani vidiyo iliyonse pakati pa 6 ndi 8 koloko madzulo, anthu ataweruka, ndipo potulutsa mu CapCut musankhe 720p, imakwanira pafoni ndipo siidya data yambiri. Musatenge vidiyo imene yadutsa kale pa WhatsApp n'kuiika pa TikTok, imakhala itafinyidwa ndipo usipa umaoneka phala. Tumizani yochokera mufoni mwenimweni kulikonse. Sungani kope pabenchi, azakhali azifunsa wogula watsopano aliyense kuti waona vidiyo iti, muzilemba kachizindikiro pansi pa tsikulo. Lamulungu madzulo muwerenge zizindikirozo pamodzi ndi maoda a pa WhatsApp, tsiku limene labweretsa ogula ochepa mulisinthe funso lake sabata yotsatira.